Ana a nthochi andichulukira paphata, ndisiye uti?

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo pa nthochi zanga. Ndinabzala mapata 24 zaka zitatu zapitazo, motalikana mamita atatu. Mikoko yoyamba inali yosangalatsa, ina inkafika mapava 9, yoti kusenza ndekha ndinkalephera. Chaka chino mikoko ikutuluka ya mapava 4 kapena 5, nthochi zake zowonda ngati zala. Ndauzidwa kuti vuto ndi ana omwe ndawalekerera, akuti paphata pazikhala mayi mmodzi ndi mwana mmodzi basi. Lero ndawerenga paphata lomwe lathithikana kwambiri ndapeza mitengo 11. Ndaima ndi chikwanje m'manja osadziwa woyambira. Ndikuopa kudula wabwino n'kusiya woipa.

Yohane: Amayi, imeneyo ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Siyani wobereka uja ndi mwana wamkulu kuposa onse, wamasamba otambalala bwino. Ena onsewo kumbani ndi khasu, muchotse ndi mizu yomwe kuti asaphukenso.

Nachisale: Ayi achimwene a Yohane, za khasuzo ndikukana. Ine ndinachita zimenezo chaka chatha. Ndinakumba ana asanu kuzungulira mayi yemwe anali ndi mkoko wa miyezi iwiri, ndinasiya maenje mbali zonse, phata likuoneka loyera bwino. Patangopita masiku anayi kunabwera mvula yamphepo usiku. M'mawa ndinapeza mtengo uli gone, phata lazuka mbali imodzi, mizu yomwe ndinadula ndi khasu ikuoneka poyera. Mkokowo unali usanakhwime, unangoonongeka. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa unali waukulu kuposa yonse m'mundamo.

Bambo Mbewe: Pepani a Nachisale, zimenezo zagwera ambiri. Mizu yambiri ya nthochi imayenda pamwamba, m'kati mwa masentimita 30 oyamba a dothi, ndiye khasu lililonse lomwe mwaponya pafupi ndi mayi mukudula zingwe zomwe zamugwira. Mayi a Tadala, musadule kanthu kaye. Tiuzeni mitengo 11 ija umodzi umodzi: kutalika kwake, masamba ake ndi otani, ndipo waima mbali iti poyerekeza ndi komwe mkoko walendewera.

Mayi a Tadala: Zikomo bambo. Ndabwerera kumunda, nazi zomwe ndaona. Woyamba ndi mayi, mkoko unatuluka mwezi wathawu ndipo wawerama cha kumadzulo. Pali iwiri ikuluikulu yosabereka, yonse yandipitirira pang'ono msinkhu. Pali itatu yamasamba otambalala, yapakati pa bondo ndi chiuno, yokongola ndithu kuiona. Pali iwiri yamasamba owonda osongoka, wina wofika m'chiuno uli kum'mawa, wina wofika m'bondo uli pansi penipeni pa mkoko. Itatu yotsalayo yangotuluka kumene m'dothi, ngati nyanga za mbuzi, ilibe masamba.

Bambo Mbewe: Mwafotokoza bwino kwambiri. Tiyambe ndi itatu yokongolayo, chifukwa ndi yomwe imanamiza anthu, ndipo apa ndi pomwe a Yohane aphonya. Mwana wa nthochi akatambasula masamba akadali wamng'ono, ndiye kuti sakuyamwa bwino kwa mayi. Mwina waphuka pa chitsa chakale chomwe chikuola, mwina waphukira pamwamba penipeni pa phata. Poti chakudya cha kwa mayi sichikumufika mokwanira, amafulumira kutulutsa masamba kuti adzidyetse yekha. Mukamuyang'ana bwino muona kuti thunthu lake ndi lofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati ndodo, ndipo mukamugwedeza amagwedera. Ameneyo amadzabereka mochedwa, kamkoko kakenso kakang'ono.

Wamasamba owonda ngati lupanga uja ndiye wabwino. Sakufuna masamba msanga chifukwa akudya za mayi, ndipo mphamvu zake zonse akuziika pa kukulitsa phata lake ndi mizu pansi. Tsinde lake limakhala lonenepa m'munsi n'kumaonda chokwera, ngati mkondo wozika pansi. Kamugwireni wa kum'mawa uja m'munsi ndi manja awiri, kenako mugwire mmodzi mwa atatu aja, mudzamva nokha kusiyana kwake.

Choncho atatu otambalala masambawo onse achoke. Wowonda masamba yemwe ali pansi pa mkoko nayenso achoke ngakhale ndi wabwino, chifukwa akamakula masamba ake azikhula nthochi n'kuzisiyira zipsera, ndipo tsiku lodula mkoko mtengo udzamugwera.

Yohane: Za masambazo ndavomera bambo, sindinkadziwa. Ine ndinkaona ngati wamasamba akulu ndiye wathanzi. Koma pa kusiya wamkulu sindinalakwe. Ali ndi iwiri yoposa msinkhu wawo, mukufuna adule yonse n'kudikira kamwana kofika m'chiuno? Akhala miyezi ingati osadula mkoko paphatapo?

Bambo Mbewe: Pamenepo mukunena zoona, sindikuti adule yonse iwiri. Mayiyu watsala ndi miyezi iwiri kapena itatu kuti mkoko ukhwime, ndiye womulowa m'malo ayenera kukhala wamkulu kale. Koma kutalika kokha sikokwanira. Mtengo wokulira mumthunzi wa anzake umatalika chifukwa chothamangira dzuwa, uli wowonda. Mayi a Tadala, tengani chingwe muyeze kuzungulira thunthu la iwiri ija pa msinkhu wa bondo.

Mayi a Tadala: Ndayeza ndi tepi yosokera. Wina ndi masentimita 48, waima chilili cha kumpoto kwa mayi. Winayo ndi 31, wapendekera kunja, ndipo m'munsi mwake mizu ina ikuoneka pamwamba pa dothi.

Bambo Mbewe: Ndiye nkhani yatha, wa 48 ndiye mwana wanu. Mumangeni kansalu kuti wina aliyense wobwera ndi chikwanje adziwe kuti uyu sakhudzidwa. Wa 31 uja waphukira pamwamba, mukamusiya adzagwa yekha akadzasenza mkoko.

Limbani: Ine ndimadula mkoko ukangomaliza kutulutsa mapava onse, ndimasiya kampata ngati chikhatho kuchokera pa phava lomaliza. Nthochi zimanenepa bwino ndithu.

Nachisale: A Limbani, inu mukunena za duwa lofiirira lolendewera kumapeto kwa mkoko. Ife tikukamba za ana ophuka pansi paphata.

Limbani: Ooh, pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe poti ndalowa kale, ndifunse zanga. Ana ndimadula ndithu, mwezi ndi mwezi, koma sakufa. Ndikadula lero ndi chikwanje, mawa lake ndimapeza pakati patuluka kanthu koyera kopindika ngati kandulo, kotalika ngati chala. Sabata ziwiri kamwana kabwerera mwakale. Ndatopa nazo. Kodi ndi mtundu wa nthochi zanga kapena ndikulakwitsa?

Bambo Mbewe: Si mtundu ayi, nthochi zonse zimatero. Chomwe timachitcha thunthu pa nthochi ndi makhwatha a masamba okutana okhaokha. Mtima womwe umatulutsa masambawo uli pansi, pamwamba pa kaphata ka mwanayo, nthawi zambiri molingana ndi dothi kapena kulowa pansi pang'ono. Mukadula m'mwamba mwangometa masamba, mtima uli bwinobwino, ndipo tsamba lomwe linali kale m'njira limangopitiriza kutuluka. Ndi kandulo mukuionayo.

Kachitidwe kake ndi aka. Dulani mwanayo mopingasa, molingana ndi dothi. Mukayang'ana podulapo muona mizere yozungulira, ina m'kati mwa inzake, ndi kadontho pakati. Lowetsani nsonga ya mpeni kapena chitsulo chosongoka pakadonthopo, muzungulize ndi kukolowola ngati mukuboola dzenje la mtondo waung'ono. Pitirizani mpaka mizere ija itatha, mufike pa mnofu woyera wolimba wopanda mizere. Pamenepo mwadutsa mtima. Pa mwana wofika m'bondo ndi kulowa masentimita ochepa chabe, koma pa wamkulu muyenera kutsikirapo. Mukatha kwirirani ndi dothi, chifukwa fungo la bala la nthochi limaitana anankafumbwe a nthochi kudzaikira mazira. Mwa njira imeneyi simunakhudze muzu ngakhale umodzi wa mayi.

Mubwerenso pakatha masiku atatu kapena anayi. Pomwe patulukanso kandulo, ndiye kuti munaphonya, bwerezani. Ndipo valani zovala zakuntchito, utomoni wa nthochi ukadontha pa malaya umasiya banga lofiirira losachoka ndi sopo.

Yohane: Ena amathira palafini pabowopo. Ine ndinaonapo zikugwira ntchito, mwana amauma osaphukanso.

Bambo Mbewe: Zimagwira, ndipo alimi ambiri amachita. Koma ndi madontho chabe, osapitirira theka la kasupuni kakang'ono, pabowo lomwe mwakolowola kale. Ine ndinasiya. Dzanja likalemera palafini amayenderera mpaka pa phata la mayi n'kuotcha, ndipo pa tiana tongotuluka kumene, tomwe tamatirira kwambiri kwa mayi, ndi posavuta kulakwitsa. Ngati wakolowola bwino safunikanso.

Yohane: Kwa inu amene muli ndi dzanja lozolowera. Munthu wa mapata mazana awiri sangabwerere katatu pa mwana mmodzi. Ine palafini sindimusiya.

Gogo Nkhoma: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Za kukolowola mtima a Mbewe anena bwino, ndilibe chowonjezera. Koma izi zoti paphata pakhale iwiri yokha ine sindigwirizana nazo. Ndalima nthochi zaka zoposa makumi atatu, ndipo paphata panga pamakhala atatu: mayi, mwana ndi mdzukulu. Mayi ali ndi mkoko, mwana wafika pakati, mdzukulu akusuzumira. Mukasiya awiri okha, mwana uja akagwa ndi mphepo kapena mbuzi ikamudya mtima, mwatsala ndi chiyani? Mudikira chaka chathunthu. Mayi a Tadala, mwana wowonda masamba wa kum'mawa uja musamuphe. Ndi mdzukulu wabwino kwambiri ameneyo.

Bambo Mbewe: Agogo, mawu anu ndi olemera ndipo sitikusiyana kwenikweni. Inenso mayi akatsala pang'ono kudulidwa ndimasiya kamodzi mwa tongotuluka kumene, kuti mwana akadzakhala mayi apeze womutsatira ali kale panjira. Pomwe ndikukayika ndi pa msinkhu. Mdzukulu wofika m'chiuno, kumbuyo kwa mwana yemwe sanabereke n'komwe, si wosuzumiranso ameneyo, akudya mokwanira. Phata ili lakhala ndi njala zaka ziwiri, ndipo amayiwa sananene kuti amathirira. Pa nthaka yanu ya manyowa ambiri ndi chinyezi atatu akhoza kukhuta. Pa mamita atatu mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mapata pafupifupi 1,100. Mukasiya mitengo ikuluikulu itatu paliponse, masamba amakumana pamwamba, pansi pamada, ndipo ana otsatira amayamba kutuluka owonda ngati wa 31 uja.

Ine ndikanasankha kamodzi mwa titatu tating'ono tija, komwe katulukira pansi kwambiri komanso patali pang'ono ndi thunthu, cha mbali yomwe kuli mwana wa kansalu. Phata la nthochi limayenda, chifukwa mwana aliyense amaima pambali pa mayi wake. Mukamasankha mbali imodzimodzi pamapata onse, mizere imasuntha pamodzi ndipo mipata imakhalabe yofanana. Mukasankha mwachisawawa, pakatha zaka zitatu mapata ena agundana, kwina kwatsala bwalo. Pamalo otsetsereka sankhani wa kumtunda, chifukwa phata limakwera pamwamba pa dothi chaka ndi chaka, ndipo wa kumunsi amatsala mizu ili pamtunda.

Gogo Nkhoma: Za kumtundazo ndi zoona. Koma kupha mwana wonenepa tsinde chonchija kuti usiye kanyanga komwe sukudziwa kuti kadzakhala kotani, mtima wanga sukulola. Manyowa amawonjezeka, mwana wabwino sagulidwa ndi manyowa.

Mayi a Tadala: Agogo ndi bambo Mbewe, nonse ndakumvani. Kodi sindingamukumbe wa kum'mawayo n'kukamubzala pena? Kumapeto kwa munda kuli malo.

Bambo Mbewe: Ndiye mbewu yabwino kuposa ina iliyonse imeneyo, wowonda masamba wofika mita imodzi. Koma osati lero, kumbukirani za a Nachisale. Mudikire mudule mkoko kaye. Pofika tsikulo mukumbe mbali yakunja yokha, mulowetse chitsulo chophwatalala chakuthwa pakati pa iye ndi phata lalikulu, mudule polumikizira kamodzi, mumutulutse ndi kaphata kake, dzenjelo mukwirire nthawi yomweyo ndi kupondaponda. Ngati mukuona kuti akula kwambiri podikira, mumudule pamwamba osakolowola mtima. Aphukanso monga a Limbani aonera, koma mwamuchedwetsa.

Esinati: Ndiloleni ndiikepo chenjezo limodzi, chifukwa mawu oti "wowonda masamba ndiye wabwino" anandipweteketsa ine. Ndinatenga ana kwa munthu wina, ndinasankha owonda masamba okhaokha monga ndinamvera. Ena mwa iwo anali a chisaka. Mwana wodwala chisaka nayenso amakhala ndi masamba owonda oimirira, munthu wosazolowera sangasiyanitse. Kusiyana kwake, wodwalayo masamba amathithikana pamwamba ngati tsache, ndi aafupi, olimba mokhadzuka, m'mphepete mwake mwachikasu, ndipo mtengowo sutalika. Mukatembenuza tsamba n'kuliyang'anitsa kudzuwa, pa msempha wapakati ndi pa phesi pamaoneka timizere tobiriwira kwambiri toduka-duka. Mayi a Tadala, musanasankhe mwana aliyense yang'anani zimenezi.

Bambo Mbewe: Zikomo a Esinati, ndinaiwala ndipo n'zofunika. Mukapeza chisaka paphata, palibenso za kusankha mwana, chifukwa onse ndi olumikizana pansi. Phata lonse lizulidwe, ngakhale ana ooneka athanzi. Chisaka chimayenda ndi nsabwe zakuda za nthochi, zomwe zimakonda kubisala m'makhwatha a tiana tating'ono, komanso ndi mbewu yomwe timapatsana. Matenda ena ofotetsa nthochi ndiwo amayenda pa mpeni. Choncho pochoka paphata lina kupita pa lina, pititsani chikwanje ndi mpeni pa lawi la moto, kapena muviike m'madzi osakaniza ndi mankhwala a klorini oyeretsera zovala, muyezo umodzi wa mankhwala pa miyezo isanu ya madzi.

Mayi a Tadala: Ndayang'ana, timizere toterotu palibe, masamba ndi osalala. Funso lomaliza bambo. Ndikachotsa onsewa, mkoko womwe ulipowu uwonjezera mapava? Uli ndi asanu okha.

Bambo Mbewe: Ayi amayi, ndisakunamizeni. Chiwerengero cha mapava chimakhazikika mkoko ukadali m'kati mwa thunthu, miyezi ingapo usanatuluke, pomwe mtima umasiya kupanga masamba n'kuyamba kupanga duwa. Njala yomwe mtengo unamva nthawi imeneyo ndi yomwe mukuiwerenga lero pa mapava asanuwo. Chomwe mungapindule pa mkoko uwu ndi kunenepa kwa nthochi zokha. Mwana wa kansalu uja mwina apindulako ngati sanayambe kale kupanga duwa. Kusintha kwenikweni mudzakuona pa womutsatira, yemwe akule moyo wake wonse popanda olimbirana naye. Ndiye musadzataye mtima mkoko wotsatira ukadzabwera wosasiyana kwambiri.

Ndipo kupatulira kokha sikubweza chonde. Mitengo yomwe mwadulayo muiwaze tizidutswa, yaikuluyo muing'ambe pakati kuti iume msanga anankafumbwe asaswanemo, muyale ngati chophimbira koma motalikira pafupifupi theka la mita kuchokera pa tsinde. Manyowa muziika mbali ya mwana, chifukwa mizu yomwe ikukula panopa ndi yake.

Nachisale: Muchirikizenso mayiyo ndi mphanda musanayambe kudula, chonde. Ana aja ngakhale ndi osafunika ankamutchinjiriza ku mphepo.

Mayi a Tadala: Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni momwe zayendera. Paphata lija ndinachirikiza kaye, kenako ndinachotsa asanu ndi awiri: atatu otambalala masamba, wa pansi pa mkoko, wa 31 uja ndi tiwiri tating'ono. Atatu mwa iwo anatulutsanso kandulo, ndinali nditaopa kulowetsa mpeni kwambiri. Nditabwereza mpaka kufika pa mnofu wopanda mizere sanabwererenso. Wa 31 ndiye anandivuta, mtima wake unali pansi kuposa momwe ndinkaganizira, ndinachita kufukula dothi pang'ono ndi manja. Wa kum'mawa ndamudula pamwamba, akudikira kusamuka.

Mapata onse 24 ndinamaliza m'masiku anayi. Pa mizere iwiri ndatsatira bambo Mbewe, pa mzere umodzi ndasiya mdzukulu wamkulu monga anenera agogo, ndione ndekha. Chomwe chandidabwitsa n'choti kwatuluka kale ana ena atsopano, paphata lina anayi.

Bambo Mbewe: Ndi mmene zimakhalira, makamaka mvula ikamagwa. Mukachotsa ena, maso omwe anali gone paphata amadzuka. Muziyendera mundawo pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, muwapeze asanapitirire masentimita 30. Pa msinkhu umenewo ndi ntchito ya mpeni wokha, ndipo amakhala asanadye zambiri. Mukadzadula mkoko, thunthu la mayi musaligwetse lonse tsiku lomwelo. Lidulireni cha pachifuwa, madzi ndi chakudya chotsalamo zipitirire kwa mwana, mudzalitsitse likayamba kufota.

Gogo Nkhoma: Pamenepanso ine ndimadulira pansi tsiku lomwelo n'kukwirira chitsa, chifukwa kwanga anankafumbwe ndi ambiri ndipo thunthu loimirira likamaola limasanduka nyumba yawo. Mwanawe, mzere wanga uja uuthire manyowa mofanana ndi inayo, usaukondere kapena kuumana. Ndipo uziyeza matsinde ndi tepi yako ija mwezi uliwonse, ulembe penapake.

Mayi a Tadala: Ndatero agogo, ndayamba kale kulemba. Wa kansalu uja lero wafika masentimita 51.

Limbani: Inenso ndayesa kukolowola pa mapata asanu, sabata yatha palibe waphukanso. Koma phata limodzi mayi anagwa kale ndi mphepo, patsala ana otambalala masamba okhaokha atatu, wowonda palibe. Ndisiye mmodzi mwa amenewa kapena ndidule onse ndidikire wina atuluke?

Bambo Mbewe: Siyani mmodzi wonenepako m'munsi kuti phata likhale ndi masamba olidyetsa, enawo chotsani. Fukulani pang'ono ndi manja kuzungulira chitsa muone ngati pali diso lomwe latupa pansi. Likatulutsa wowonda masamba m'mwezi umodzi kapena iwiri, ameneyo ndiye mudzamulere, wotambalalayo mudzamuchotse winayo akafika m'chiuno. Koma yambani mwabaya chitsacho ndi mpeni. Ngati m'kati mwadzaza mauna akuda a mphutsi, nkutheka kuti si mphepo yokha yomwe inagwetsa mayiyo, ndipo mutiuze zomwe mwapezamo tisanapitirire.